Za tiyi wopanda shuga uja

"Pa kafukufuku wathu wa kusukulu ku Mchinji tapeza kuti odwala matenda a shuga ambiri amamwa tiyi wosathira shuga. Kodi ndiye kuti kusathirako n'kumene kukuwadwalitsa?"

Ndine ndinafunsa zimenezi mwezi watha, ndipo ndabwera nalo yankho. Loweruka ndinabwerera kwa Kamwendo, kwa agogo ena amene tinawafunsa. Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mdzukulu wanga, kale ndinkathira masipuni anayi. Ndinasiya atandipeza nawo matendawa kuchipatala."

Vuto linali pa fomu yathu. Tinafika tsiku limodzi n'kufunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mumathira masipuni angati, ndipo kodi anakupezani ndi shuga? Mayankho onse awiri ndi a lero. Palibe pamene pakuonetsa chimene chinayamba, choncho munthu amene anasintha kadyedwe chifukwa chodwala akuoneka ngati anadwala chifukwa cha kadyedweko. Ngakhale tikanafunsa boma lonse la Mchinji, chisokonezocho chikanakhalapobe. Komanso amene matendawa anawatenga msanga sitinawapeze n'komwe, tinangowerenga otsala.

Aphunzitsi anati tikanayeza magazi a aliyense, n'kuona padera kadyedwe ka amene angodziwa tsikulo kuti akudwala, poti iwowo sanalandire malangizo a kuchipatala. Kufunsa za kale kumathandizako, koma ndani amakumbukira masipuni a zaka khumi zapitazo? Chodalirika n'kuyamba ndi anthu osadwala, kulemba kadyedwe kawo, n'kuwatsatira kwa zaka. Ife tinali ndi masabata awiri basi, ndiye mu lipoti ndangolemba kuchuluka kwa odwala, mawu oti "kumayambitsa" ndafufuta.