Bakitesiti yanga ya EURUSD ikuonetsa phindu koma pa akaunti masitopu akugundidwa usiku, sipuredi ndi silipeji mumaziika bwanji mu lupu?

Chisomo_Zomba

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndalemba bakitesiti mu Python, lupu wamba yoyenda kandulo imodzi imodzi, EURUSD pa M15, deta ndinakoka ku MT5 ndi `copy_rates_range`. Siginolo ikabwera pa `close` ndimalowa pa `open` ya kandulo yotsatira, sitopu mapipu 10, TP mapipu 15. Nkhani ya ndalama zolipira ndinangoichita chonchi pa tiredi iliyonse ikatseka:

```python
pnl = (exit_px - entry) / PIP * side - 1.0
```

1.0 imeneyo ndi komishoni ya buloka wanga, madola 7 pa loti kulowa ndi kutuluka ndiye kuti pipu 0.7, kuphatikiza sipuredi ya 0.3 yomwe ndimaona masana. Ndikachotsa zimenezo pakumatsala pafupifupi 1.4 pa tiredi. Koma ndayamba kuiyendetsa pa akaunti yaing'ono ndi loti 0.01 ndiye zikusiyana kwambiri, makamaka matiredi ogulitsa, sitopu ikumagundidwa usiku cha m'ma 11 koloko pamene ndikayang'ana tchati kandulo sinafike n'komwe pa sitopupo. Mu bakitesiti tiredi yomweyo ikupitirira mpaka TP. Ndingowonjezera 1.0 ija ikhale 2 kapena 3? Ndipo silipeji anthu mumaiyerekeza bwanji poti mu deta mulibe?

Dalitso_fx

Achimwene sipuredi mumalipira kawiri, polowa ndi potuluka, ndiye 0.3 yanuyo ikhale 0.6 kaye. Kenako ikani silipeji pipu imodzi mbali zonse basi. Ine ndimatero ndipo sitirateji ikapulumuka pamenepo ndimadziwa kuti ndi yolimba.

MaiPhiri_Dev

A Dalitso maganizo oika silipeji ndi abwino koma za kawirizo ayi, sipuredi imalipidwa kamodzi pa ulendo wonse, mumagula pa `ask` n'kugulitsa pa `bid`, kusiyana kwake n'komweko. Mukakhala ndi mitengo yapakati ndi pomwe mumaika theka polowa theka potuluka. Koma makandulo a foreksi a MT5 amamangidwa ndi `bid` yekha, ndipo vuto la a Chisomo lagona pamenepo, si kukula kwa nambala yomwe akuchotsa.

Taonani. Mukagula, mumalowa pa `ask` ndipo sitopu ndi TP zanu zimayang'ana `bid`, ndiye kandulo ikukuuzani zoona pa kutuluka, mungofunika kuwonjezera sipuredi pa mtengo wolowera. Mukagulitsa zimatembenuka, mumalowa pa `bid` koma kuti mutuluke mukuyenera kugula, ndiye sitopu ndi TP zimayang'ana `ask`, mtengo womwe pa tchati sukuoneka. Tinene mwagulitsa pa 1.08500, sitopu 1.08600, TP 1.08350. Kandulo ya usiku ikwera mpaka `high` ya 1.08570, lupu yanu iona kuti patsala mapipu 3 ndiye ipitirira. Koma nthawi imeneyo mabanki akusintha tsiku, 5 koloko madzulo ku New York, komwe kwathu kuno ndi 23:00 m'miyezi yomwe aku America asuntha wotchi ndi 00:00 miyezi inayo, msika umakhala wopanda anthu ndipo sipuredi imatha kufutukuka mapipu angapo. Ikangofika 4, `ask` ndi 1.08610, sitopu yagundidwa. Akaunti yataya 10, bakitesiti yalemba kuti mwapeza 15, kusiyana kwa mapipu 25 pa tiredi imodzi. Ndi phindu lanu la 1.4 lija, zikangochitika kamodzi pa matiredi 18 zonse zatha. Kuchotsa 2 kapena 3 kumapeto sikungagwire zimenezi chifukwa sipuredi sikungodula phindu, ikusintha zomwe zachitika mu tirediyo. Ikuyenera kulowa mu `if` yoyang'ana sitopu:

```python
if side == -1:
    if bar.high + spr >= sl:
        exit_px = max(sl, bar.open + spr) + slip
    elif bar.low + spr <= tp:
        exit_px = tp
```

`max` ameneyo ndi wa pomwe mtengo wadumpha, monga msika ukamatsegula sabata yatsopano, ngati kandulo yatsegula kale pamwamba pa sitopu simungatuluke pa sitopu, mutuluka pa mtengo womwe ulipo. Komishoni yokha ndi yomwe mungachotse padera mu ndalama, `7 * lots`, chifukwa iyo sisuntha mtengo.

Chisomo_Zomba

Zikomo kwambiri amayi, ndiye kuti ndi chifukwa chake matiredi ogula akufananako ndi bakitesiti koma ogulitsa ayi. Nanga `spr` ndiitenge kuti? Mu deta ya MT5 muli kolamu ya `spread`, ndingoigwiritsa imeneyo?

MaiPhiri_Dev

Mutha kuyambira pamenepo koma samalani ziwiri. Ili mu mapointi osati mapipu, pa EURUSD ya manambala 5 pipu imodzi ndi mapointi 10, ndiye muchulukitse ndi 0.00001, mukachulukitsa ndi `PIP` sipuredi ikula kakhumi ndipo mutaya sitirateji yabwinobwino. Chachiwiri ndi nambala imodzi pa kandulo yonse ya mphindi 15, sikuuzani kuti sipuredi inali bwanji pa sekondi yomwe mtengo unafika pa `high`. Ine ndimakoka matiki a milungu ingapo ndi `copy_ticks_range`, mmenemo muli `bid` ndi `ask` zenizeni, n'kupanga tebulo la ola lililonse:

```python
t["spr"] = t.ask - t.bid
g = t.groupby(t.time.dt.hour).spr
med, p90 = g.median(), g.quantile(0.9)
```

Musinthe kaye `time` ndi `pd.to_datetime(t.time, unit="s")`. Polowa ndimagwiritsa `med` ya olalo, poyang'ana sitopu ndimagwiritsa `p90` chifukwa nthawi yomwe mtengo ukuthamangira sitopu ndi nthawi yomwenso sipuredi imakula. Ndipo maola amenewo ndi a seva ya buloka osati wotchi yanu, mabuloka ambiri amaika seva kuti kusintha kwa tsiku kugwere pa 00:00, ndiye musadabwe mukaona chiphiri chili pa ola 0 ndi 23 mu tebulo.

Yami_BT

Ine zimenezi zinandichitikiraponso, netiweki inaduka ndili pakati pa tiredi ya golide pobwerera ndapeza yatseka yokha ndi losi. Gulani VPS aise silipeji idzatha, vuto ndi intaneti yathuyi.

Dalitso_fx

Yami sitopu imakhala pa seva ya buloka, ngakhale foni izime imagundabe, VPS imathandiza polowa pokha kuti oda ifike msanga. Zomwe akunena a Chisomo si za netiweki. Koma amayi ine pa `p90` sindikugwirizana nanu, mukuilanga sitiratejiyo pa kandulo iliyonse ngati kuti sipuredi yoipa imakumana ndi `high` nthawi zonse, mutha kupha matiredi omwe pa msika weniweni akanapulumuka. Bwanji osangoletsa kutsegula tiredi ola limodzi tsiku lisanasinthe?

MaiPhiri_Dev

Zoona imalanga mopitirira pang'ono, ndimavomera dala chifukwa bakitesiti yondinamiza kuti ndili ndi phindu ndi yoopsa kuposa yondichepetsera. Kuletsa kutsegula kumathandiza koma tiredi yotsegulidwa 20:00 ikhozabe kukhala ili moyo pa 23:00, pokhapokha muziitseka, ndipo kutsekako ndi lamulo latsopano la sitirateji lomwe likuyenera kuyesedwa palokha. Komanso ikagona usiku pali `swap`, Lachitatu imawerengedwa katatu pa EURUSD, nayonso ilowe mu ndalama. Njira yothetsa mkangano wathu ndi kuyendetsa lupu pa matiki enieni, bola makina anu apirire.

Kondwa_quant

Za silipeji palibe wayankha bwino. Mu deta ya mitengo simudzaipeza, imachokera mu maoda anu omwe. Poti muli kale ndi akaunti yeniyeni, sungani mtengo womwe munapempha ndi womwe `order_send` yabweza mu `result.price`, pa masitopu fanizani `sl` ndi mtengo wa dilu yotsekera mu `history_deals_get`. Pa demo musadalire, maoda amadzaza mosalala kwambiri. Mudzaona kuti si mtundu umodzi. Oda ya maketi masana imaterera pang'ono, nthawi zina mokukomerani. Sitopu ikagundidwa imasanduka oda ya maketi pa nthawi yomwe mtengo ukuthawa, ndiye imaterera kwambiri ndipo kawirikawiri mokupwetekani, makamaka pa nkhani ngati NFP yomwe imatuluka 8:30 m'mawa ku New York, kuno 14:30 kapena 15:30. TP ndi limiti, kwa mabuloka ambiri siterera moipa koma ikhoza kungokhudzidwa osadzaza, ndiye ine ndimafuna mtengo udutse TP ndi pointi imodzi kapena ziwiri ndisanaiwerenge.

Ndiye mu lupu `slip` akhale awiri, wolowera ndi wa sitopu. Ine wa sitopu ndimamumangirira ku kutalika kwa kandulo, `slip = k * (bar.high - bar.low)`, kandulo ya mapipu 6 ndi `k` wa 0.05 ikupatsani 0.3, ya NFP ya mapipu 60 ikupatsani 3, ndipo `k` mumusinthe mpaka agwirizane ndi zomwe mwayeza. Pa loti 0.01 musadandaule zoti oda yanu isuntha msika, zimenezo ndi za anthu a maoda akuluakulu kapena masheya osagulidwa kawirikawiri.

Chinanso, khodi ya a MaiPhiri ikuyang'ana sitopu kaye TP pambuyo, musasinthe dongosolo limenelo. Kandulo imodzi ikakhudza zonse ziwiri simukudziwa chinayamba n'chiti, werengani sitopu, kapena tsikirani ku M1 pa kandulo imeneyo.

Dalitso_fx

Bwanji osangoika silipeji ya mwamwayi ndi `np.random` n'kuyendetsa kambirimbiri? Msika suterera mofanana tsiku lililonse.

Kondwa_quant

Zimatheka ngati manambalawo mukuwatola mu silipeji yomwe mwayeza nokha, koma mukangoika `normal` yozungulira 0 zabwino ndi zoipa zimafafanizana ndipo mubwerera pomwe munayambira. Ine ndimakonda kuyendetsa ndi `k` wosiyanasiyana, 0, 0.05, 0.1, n'kuona pomwe phindu likuthera. Likathera pafupi ndi zomwe ndayeza sindiikapo ndalama.

Chisomo_Zomba

Ndaika `ask` mu sitopu ya matiredi ogulitsa ndi tebulo la maola, matiredi ausiku omwe anandivuta aja tsopano akugundidwanso mu bakitesiti pa kandulo yomweyo. Ndi `p90` phindu latsika kufika cha m'ma 0.2 pa tiredi, ndi `med` lili cha m'ma 0.8, silipeji sindinaikebe chifukwa matiredi enieni akadali ochepa kuti ndipeze `k`. Panopa ndikuyesa zotseka zonse tsiku lisanasinthe monga anatchulira a MaiPhiri. Funso latsala ndi la matiki, buloka wanga akundipatsa a miyezi yochepa chabe, kodi tebulo la sipuredi la chaka chino ndingaligwiritse pa deta ya 2020 pomwe msika unali wosokonekera, kapena pamenepo ndizichulukitsa?