Ndimalize Bwanji Imelo Yopempha Mitengo?

Akuluakulu, ndikupempha malangizo anu pa mathero a imelo yopita kwa ogulitsa simenti ku Limbe, amene ndikufuna anditumizire mitengo ya matumba 200. Ndalemba kuti: “Chonde tumizani mitengoyi, kuphatikizapo ya mayendedwe mpaka ku Chilomoni, pofika Lachisanu 12 koloko masana, chifukwa komiti yathu ikumana madzulo a tsikulo.” Kodi kutchula ola kotereku sikumveka ngati ndikulamula munthu amene sindinakumanepo naye? Mawu akuti “mwamsanga” ndawapewa dala, popeza aliyense amawamva mwa iye yekha ndipo yankho likhoza kufika komiti itabalalika kale. Nanga potseka, ndilembe “Ine wanu mokhulupirika” monga m'kalata yapapepala, kapena “Zikomo kwambiri” ndi dzina langa n'zokwanira?