Alekichala sakuyankha za kalata ya refarensi, ndipange bwanji?

Madamu a Bayoloje, Chamama: Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndikufunsira malo a masitazi ndipo akufuna marefarensi awiri, imodzi ya kuntchito ina ya munthu amene anandiphunzitsa kuyunivesite. Ya ahedi ndatenga kale. Vuto ndi ya alekichala, ndinamaliza 2018 ndipo chichokereni sindinalankhulane nawo. Sabata yatha ndinawalembera pa WhatsApp kuti moni bwana mukundikumbukira, ndikufuna thandizo lanu, awerenga koma ali zii mpaka lero. Atseka pa 28 Febuluwale, lero pa 3, mtima suli m'malo.

Sala a Chichewa, Kamwendo: Madamu musavutike, pitani kwa abusa anu kapena kwa a PEA akulembereni, bola pakhale chidindo basi. Ine ntchito yanga yoyamba ndinalowera kalata ya abusa.

Madamu a Bayoloje, Chamama: Ayi Sala, si ya khalidwe, akufuna munthu woti anene za mmene ndinkakhozera m'kalasi komanso ngati ndingathe kafukufuku. Abusa sangadziwe zimenezo.

Mayi a Jogalafe, Kasungu boma: Achemwali ine ndinadutsamo kawiri, ndiye ndikuuzani mosabisa, uthenga wanuwo ndi umene wakugwetsani. Taganizani munthu amene chaka chilichonse amaphunzitsa anthu oposa 100, papita zaka zonsezi, kenako nambala yachilendo ikuti ndikufuna thandizo osanena thandizo lanji. Ambiri amaganiza kuti ndi za ndalama, kapena amati ndiyankha ndikapeza mpata ndiye zimakwiririka. Sikuti akukanani, simunawafunse kanthu koti ayankhe kuti inde kapena ayi. Ndiyambe ndafunsa, amenewa anakuphunzitsani chiyani?

Madamu a Bayoloje, Chamama: Ndi pulofesa, anatiphunzitsa kosi imodzi chaka chachiwiri. Ndinasankha iwo poti dzina lawo ndi lalikulu. Supavayiza wa pulojekiti yanga anali wina, mayi wachichepere, nthawi imeneyo analibenso udokotala.

Mayi a Jogalafe, Kasungu boma: Ndiye pitani kwa mayiwo. Pulofesa amene sakukudziwani adzalemba mizere itatu yoti anali wophunzira wathu ndipo anakhoza, pomwe supavayiza anakhala nanu miyezi, anakubwezerani machaputala ndi cholembera chofiira, ali ndi zoti anene. Owerenga makalata amenewa amafuna chitsanzo chenicheni, ndipo kalata ya munthu wosakudziwa imaonekeratu.

Muwalembere imelo, osati WhatsApp, ndipo zonse zikhale mu imelo imodzi kuti asachite kukufunsaninso kalikonse. Pamutu pa imelo ikani dzina lanu, chaka chomwe munamaliza, mawu oti pempho la refarensi ndi tsiku lotsekera. Pulojekiti yanu inali ya chiyani?

Madamu a Bayoloje, Chamama: Ntchemberezandonda m'chimanga, ndinkayerekeza madzi a masamba a nimu ndi phulusa kuti chimagwira bwino ndi chiti. Pa pulojekitiyo ndinapeza mamakisi 72. Komanso ndakumbuka, pano ndimagwiritsa dzina la abambo akunyumba, kusukulu ndinali ndi la kwathu.

Mayi a Jogalafe, Kasungu boma: Mwaona, ngakhale pulofesa uja akanafuna kukufufuzani sakanakupezani. Ndilemba m'Chichewa inu mukatembenuze m'Chingerezi. Muyambe ndi kuti ndine uje, kusukulu ndinkadziwika ndi dzina lakuti, nambala yanga ya rejisitireshoni ndi iyi, munali supavayiza wanga mu 2018 pa pulojekiti ya nimu ndi phulusa pa ntchemberezandonda ndipo ndinapeza 72. Kenako chiganizo chimodzi cha zomwe mukuchita pano, kuti mukuphunzitsa Bayoloje kusekondale ku Kasungu. Kenako pempho lenileni, ndikufunsira masitazi yakuti kuyunivesite yakuti, kodi mungathe kundilembera kalata yondichitira umboni pofika pa 21 Febuluwale. Mwaona ndachotsapo sabata, koma la 28 mulitchulenso kuti lenileni ndi limenelo, musawanamize. Muwauze kuti kalatayo ikhale yaitali bwanji ndipo ipita bwanji. Pomaliza muwatsegulire khomo, kuti ngati nthawi yakuchepelani kapena simukundikumbukira mokwanira chonde ndiuzeni sabata ino kuti ndifunse wina. Chiganizo chimenechi anthu amachiopa koma ndi chimene chimapangitsa munthu kuyankha msanga, ndipo akakana pa 6 mukadali ndi nthawi, kusiyana ndi kumva pa 27.

Mumatepo sivi ya masamba awiri, thiransikiripiti, chidule cha pulojekiti cha tsamba limodzi, ndi zomwe a masitaziwo alemba kuti refarensi ikambe. Zonse PDF, mafayilo akhale ndi dzina lanu, osati zithunzi zojambula pafoni usiku ndi tochi.

Sala a Agiri, Santhe: Njira yachidule ndi iyi, lembani nokha kalata yonse muwatumizire angosayina ndi kudinda. Alekichala ambiri ndi zimene amafuna, alibe nthawi. Ndiye muwapemphe ikhale yopita kwa aliyense kuti muzingoifotokopa mukamafunsira kwina.

Mayi a Jogalafe, Kasungu boma: Zoti alibe nthawi mwalondola Sala, koma kuwatumizira kalata yolembalemba asanakupempheni ena amakhumudwa nazo, komanso Chingerezi chake chimafanana ndi cha kalata yanu yofunsira malo ndiye owerenga amadziwa kuti dzanja ndi limodzi. Ine ndimatumiza mfundo zitatu zowakumbutsa, iwo alembe m'mawu awo. Mwachitsanzo Madamu anene kuti munda woyesera anakonza okha, kuti ankawerenga zomera zowonongeka sabata iliyonse, ndi kuti pepala anapereka nthawi yake, bola zikhale zoona. Za kalata ya aliyenseyo imathandiza pofunsira ntchito zina, koma masukulu ambiri akunja amafuna yotchula pulogalamu yawo, ya deti yaposachedwa.

Sala a Agiri, Santhe: Ine wanga anachita kunena yekha kuti lemba ndidzakonze, ndinalemba ndipo ndinapita kusukulu. Ndiye sindikuona vuto.

Sala a Kompyuta, Mkanda: Madamu onaninso bwino fomu yanuyo, kodi kalata mukweza nokha kapena mukungolemba imelo ya alekichala iwo n'kulandira linki? Ngati ndi linki musaike dzina lawo asanavomere, ndipo mukangodina kutumiza muwauze nthawi yomweyo kuti ayang'anenso mu Spam, zimagwera kumeneko kwambiri. Masukulu ambiri amafunanso imelo ya kuntchito ya alekichala osati Gmail. Apa samalani, kuyambira 2021 pomwe makoleji a University of Malawi anagawidwa, Poly kukhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN kukhala KUHeS, Chanco kutsala ndi dzina la UNIMA, ma adiresi ambiri anasintha, ndiye imene munasunga mu 2018 mwina siikugwiranso. Imbirani sekilitale wa dipatimenti akupatseni yatsopano, akuuzaninso ngati mayiwo anasamuka kapena ali kunja kusukulu.

Sala a Chichewa, Kamwendo: Nanga kangachepe ka bando osawatumizira? Munthu akugwirireni ntchito chimanjamanja?

Mayi a Jogalafe, Kasungu boma: Kalata isanalembedwe ayi, zimaoneka ngati mukugula umboni. Zikatheka muwathokoze ndi kuwauza zotsatira, ngakhale mutapanda kusankhidwa, chifukwa chaka chamawa mudzawafunanso.

Madamu a Bayoloje, Chamama: Ndabweranso. Ndi za linki. Sekilitale anati mayi aja anasamukira kuyunivesite ina, anandipatsa imelo yatsopano, ndinatumiza Lachiwiri ndili pa boma poti kuno netiweki imavuta. Ayankha lero m'mawa kuti akundikumbuka chifukwa cha nimu uja ndipo alemba, angopempha pepala lonse la pulojekiti osati chidule chokha. Vuto ndi lakuti laputopu imene munali fayilo inafa, ndatsala ndi buku lomangamanga la masamba 46. Alipo akudziwa pomwe amasikana bwino pa boma, zotuluka fayilo imodzi yosalemera? Komanso akapanda kutumiza pofika pa 21 ndiwakumbutse tsiku lomwelo kapena ndidikire kaye masiku awiri?