Tithandizane pa tchati cha ngongole ichi

Abale anga a kuno ku Harare, ndinapempha ngongole ya madola 1,500 kukampani ina yobwereketsa ndalama kuti ndionjezere katundu pamsika wa Mbare, ndipo anandipatsa tchati chosonyeza mmene amaweruzira. Ndakhala ndikuchilondola ndi chala. Pafunso loyamba, loti zikalata zakwana, ndadutsa. Lachiwiri, loti ndinalepherapo kubweza ngongole, yankho ndi ayi, muvi ukutsika.

Pondivuta ndi pachitatu: kodi zobweza pamwezi zikuposa 40 peresenti ya zomwe mumapeza? Ine ndimapeza madola 500, zobweza ndi 200, ndiye kuti 40 ndendende, osaposa. Komatu iwo anditumiza kunthambi yofuna chikole, m'malo mwa yopita kwa manijala kukasaina. Kodi amawerengera phindu lokha, atachotsa lendi ya benchi? Amene munadutsamo, ndiunikireni ndisanakapereke firiji yanga.