Sitokasitiki yakakamira pa 80 kumwamba, golide akungokwera, ndalakwitsa pati?

Kalulu wa Golide:
Akuluakulu ndithandizeni mutu wanga waima. XAUUSD pa H4, Stochastic 14,3,3 pa MT5. Kwa masiku anayi mzere sunatsike pansi pa 80. Ndagulitsa katatu, nthawi zonse %K itadutsa %D kulowera pansi, katatu konse sitopu losi yadyedwa. Loti 0.05, sitopu ya madola 10 pamtengo, ndiye madola 50 ulendo uliwonse, 150 yapita. Kosi imene ndinalipira inati ikadutsa 80 ndiye ovaboti, gulitsa. China, pa TradingView nambala ikusiyana ndi ya pa MT5 pakandulo yomweyo. Buloka akundibera kapena indiketa yawonongeka?

Bwana Chimphepo:
14 ndi yachibwana pa golide aise. Ikani 21,5,5, mizere muyisunthire pa 90 ndi 10. Nkhani yatha.

Gogo Kandulo:
Achimwene, indiketa ili bwinobwino, ikuchita ntchito yake. Ingoti ntchito yakeyo si imene anakuuzani kukosi.

```
%K = 100 * (C - LL14) / (HH14 - LL14)
%D = SMA(%K, 3)
```

Funso limene imayankha ndi limodzi lokha: pamakandulo 14 apitawa, mtengo watsekera pati pakati pa pansi penipeni ndi pamwamba penipeni? Nditenge manambala ozungulira ofanana ndi atchati chanucho. Pansi 2,300, pamwamba 2,350, kandulo yatsekera pa 2,345. Ndiye 45 kugawa ndi 50, tipeza 90. Inu mwagulitsa.

Kandulo yotsatira yakwera kufika 2,362 n'kutsekera pa 2,358. Apa ndi pamene anthu saona. Denga lakwera, komanso kandulo yakale ija ya 2,300 yatuluka m'gulu la 14, pansi patsopano ndi 2,310. Tsopano ndi 48 kugawa ndi 52, tipeza 92. Golide wakwera madola 13, indiketa yangosuntha ndi 2. Muyezo ukuyenda limodzi ndi mtengo, ngati munthu woyeza msinkhu wa mwana pakhoma loti nalonso likukula. Ndipo singapitirire 100, kaya golide akwere madola 10 kaya 200.

Kuti itsike pansi pa 80, mtengo uyenera kutsekera kutali ndi denga kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a mpata wonsewo. Mpata wa 52, ndiye madola 10.4, kutseka pansi pa 2,351.6. Tirendi ikalimba ogula amalowa mtengo usanabwerere chonchi. Ngakhale kandulo imodzi itsekere pamenepo, Slowing ya 3 ija ya mu 14,3,3 yanuyo, yosalaza %K, imaisakaniza ndi ziwiri zam'mbuyo, mzere osafika n'komwe pa 80.

Kalulu wa Golide:
Nanga kudutsana kwa mizere kuja gogo? Ndinadikira kudutsana, sindinangolowa chilowelowe.

Gogo Kandulo:
%D ndi avereji chabe ya ma %K atatu omaliza. %K ikachoka pa 95 kufika 91 yadutsa kale pansi pa %D. Pampata wa madola 52 kusuntha kumeneko ndi madola awiri okha. Mwagulitsa golide chifukwa cha madola awiri.

Bwana Chimphepo:
N'chifukwa chake ndikuti 21,5,5. Tikudutsana tabodza timeneti timatha.

Mayi a Mapasa:
Pepani Kalulu, ndikudziwa kuwawa kwake. Ine golide yemweyu anandivula mu Malichi 2024 atangoyamba kuchoka cha m'ma 2,050. Ndinalibe sitopu, ndinkangowonjezera 0.01 pamwamba pa 0.01, ati ovaboti yakulirakulira ndiye kugwa kwayandikira. Mapozishoni asanu ndi awiri. Usiku wina magetsi anazima, foni ili pa 4 peresenti, ndikuyang'ana majini levo ikutsika ndili mumdima kukhitchini. M'mawa kukatchaja kwa aneba akaunti inali itatsala madola 11. Bambo a ana mpaka lero amadziwa kuti ndalamayo ndinaika kubanki m'khonde.

Wa ku Joni:
Ine ndimaika RSI Length 14 ndi Stochastic Length 14, pa USDZAR imandipatsa bwino kwambiri, imafika 0 ndi 100 pafupipafupi.

Gogo Kandulo:
Imeneyo ndi Stoch RSI achimwene, ina. Imawerengera pa RSI osati pamtengo. Musamusokoneze mwanayu.

A Chimphepo, pakudutsana mukunena zoona, 5,5 imasalaza mizere ndipo kudutsana kumachepa. Koma 21 ikukulitsa vuto limene wafunsali. Mukabwerera makandulo 21 m'tirendi yokwera, pansi pamakhala patali kwambiri, tinene 2,280. Mpata ndi 82 tsopano, ndiye pakufunika kugwa kwa madola 16.4 kuti muone 80, pomwe pa 14 panafunika 10.4. Ikhalitsa kumwambako kuposa ya Kalulu.

Bwana Chimphepo:
Mwaiwala kuti ndasunthira mzere pa 90. Zaka zinayi ndili pa 21,5,5 madala, masamu anuwo sanandidyetsepo.

Mayi a Mapasa:
Nthawi imene ndinkapsa ija inali pa 94, bwana. Mzere wa 90 ukanandipulumutsa bwanji?

Mphunzitsi Wopuma:
Za kusiyana kwa manambala palibe wayankha. Poyamba onani zoikamo. TradingView imabwera ndi 14,1,3, MT5 imabwera ndi 5,3,3, ndiye ngati munasintha kumodzi kokha mukuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Onaninso Price field ngati ili pa Low/High osati Close/Close, chifukwa Close/Close imataya michira ya makandulo ndipo mpata umachepa. Zonse zikafanana pamatsalabe kakusiyana. MT5 posalaza imaphatikiza zapamwamba zitatu payokha, zapansi zitatu payokha, kenako n'kugawa. TradingView imagawa kaye kandulo iliyonse n'kutenga avereji ya mayankho atatuwo. Kuwonjezera apo kandulo ya H4 imayamba malinga ndi ola la seva, ndiye mwina makandulo anu sakutsekera nthawi imodzi. Buloka angakubereni kwina koma apa ayi.

Kalulu wa Golide:
Chabwino ndamva. Ndiye ndizigula ikakhala pamwamba pa 80?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi, musathawe moto n'kugwera m'chitsime. Msika ukamangozungulira pakati pa denga ndi pansi, 80 ija imagwiradi ntchito monga anakuuzirani, ndipo wogula pamenepo amagula padenga. Vuto ndi loti sitokasitiki payokha singakuuzeni kuti muli m'tirendi kapena m'kuzungulira. Pa zonse ziwiri ilemba 90 yemweyo. Ine ndimayang'ana D1 kaye. Mtengo ukakhala pamwamba pa EMA 200 ndipo pansi pake pakukwerakwera, zogulitsa ndimaziiwala, ndimadikira H1 itsike pansi pa 20 n'kutulukanso, ndiye ndigule. Koma sabata ngati ino imatha osatsika n'komwe, ndimangoonera.

Gogo Kandulo:
George Lane mwini wake, amene anaifalitsa, ankatsindika kwambiri dayivejensi: mtengo wapanga denga latsopano koma indiketa yalephera kufika pamene inafika poyamba. Komabe samalani, m'tirendi yolimba mutha kuona dayivejensi kawiri katatu mtengo ukupitabe. Ine sindikhudza batani mpaka pansi pomaliza pathyoke. Ndipo Kalulu, akaunti yanu ndi ya zingati kuti muzitaya 50 ulendo umodzi?

Bwana Chimphepo:
Pa 21,5,5 dayivejensi imaoneka bwino kwambiri. Ndikungonena.

Wa ku Joni:
Akuluakulu, kunja kwa nkhani pang'ono, alipo amene witidirowo yake yalowa sabata ino? Yanga lero ndi tsiku lachisanu ikungoti pending.

Mayi a Mapasa:
Munatumiza pa khadi kapena pa waleti?