Za zithunzi zitatu za vidiyo ya nsima ndi kapenta zija

Ndinafunsa kuti: "Pa zithunzi zitatuzi, ndi chiti choti chikhale pachikuto cha vidiyo yanga?"

Anzanga ndabweranso. Ndinazichepetsa zonse mpaka ngati chala chachikulu, poti anthu kuno ku Lusaka amaonera pafoni, ndiye ndinamuonetsa mlongo wanga ku Chawama kwa masekondi awiri basi. Chithunzi chokhala ndi mawu asanu ndi awiri sanachiwerenge n'komwe, cha mbale yonse anati chokongola koma palibe chofuna kudziwa, zonse zaoneka kale. Chachitatu, dzanja likuvundukula poto ndi mawu oti "Osathira madzi", anafunsa pompo kuti bwanji? Ndasankha chomwecho, kungoti mawuwo ndawasunthira kumanzere chifukwa YouTube imaika nthawi ya vidiyo pakona yakumanja m'munsi, inkaphimba "madzi".