Funso 7 la Mwale ndi nkhani ya since

Mwale (Chamama, Kasungu): Akuluakulu moni. Ndikuphunzira Chingerezi madzulo kwa aphunzitsi ena opuma ntchito pa boma pano, pokonzekera ulendo wakumeneko ku South Africa. Atipatsa kamayeso pafoni ndipo funso 7 latigawanitsa m'kalasi. Lili chonchi:

I ______ on this estate since 2019.
A. am working
B. worked
C. have worked
D. work

Ambirife tinasankha A. Aphunzitsi achonga C ndipo andilembera mawu awa:

"Mwale, yang'ana liwu lakuti since. Likusonyeza pamene ntchito inayambira, ndipo ntchitoyo ikupitirira mpaka lero. Chinthu choyambira kumbuyo n'kufika lero chimafuna have kapena has, kenako mneni wa mumndandanda wachitatu. A ikungonena za pakali pano, siyingabwerere ku 2019. B ikunena kuti ntchito inatha. D ikunena za chizolowezi chabe. Yankho ndi C."

Ndawerenga koma mtima sunakhazikike. Inetu ndikadali pa esiteti, ndikugwirabe. Nanga am working yalakwa pati?

Zimba (Durban): Aise, njira yake ndi yophweka. Have ndi -a- wathu uja. Ndafika, I have arrived. Ndadya, I have eaten. Ndinafika, I arrived. Ukangogwira pamenepa basi wakhoza.

aPhiri (Kepi): A Zimba mwanena zoona, koma pa funso ili lamulo lanulo ndi lomwe lingamusokeretse mnyamatayu. Mwale, tanena chiganizocho m'Chichewa mmene unganenere kwa amalume ako. Unena kuti ndikugwira ntchito pa esiteti pano kuyambira 2019. Waona? Ife timati ndikugwira, ndipo pakamwa pathu palibe cholakwika. Ndiye mutu wako wathamangira am working chifukwa ndi imene ikufanana ndi ndikugwira. Chingerezi sichilola zimenezo. Am working imaima pa lero lokha. Ukangoikapo since 2019 ndiye kuti watambasula chingwe kuchokera 2019 kudzafika lero, ndipo chingwe chimenecho amachinyamula ndi have worked. Aphunzitsi ako akunena zomwezo, angofupikitsa.

Mwale (Chamama, Kasungu): Ndiye have worked sikutanthauza kuti ndinamaliza? Ine ndimaona -ed uja ngati wa zinthu zakale.

aPhiri (Kepi): Pamenepo ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ndi mneni ngati work, mndandanda wachiwiri ndi wachitatu ndi ofanana, worked ndi worked, ndiye sukuona kusiyana. Tenga be: was, been. I was here ndi za kale. I have been here since 2019 ndiye kuti ukadali pompo. Worked wa pa C ndi m'bale wake wa been, osati wa was. Chimene chikulamula ndi have ali kutsogoloyo.

Bambo a Tadala (Pitoliya): Kodi mayeso amenewa ndi a pepala la ntchito? Chifukwa ine pa boda sanandifunse za Chingerezi ayi. Tiuzeni ngati zasintha, mlamu wanga akunyamuka mwezi wamawa.

Zimba (Durban): Ayi bambo, ndi za m'kalasi mwa Mwale izi.

Nachisale (Randburg): Zam'kalasi inde, koma zimaluma pantchito. Mnzanga wina wa ku Santhe ankafuna ntchito ya Loweruka lokha, masiku ena onse ali ndi abwana ake. Mayi wofuna wantchito uja atamufunsa za kumene akugwira, iye anati I worked for her for four years. Mayi uja anamva kuti anasiyako, n'kuyamba kufunsa kuti unachokeranji, anakuchotsa kapena. Mnzanga kudabwa, chifukwa m'mawa womwewo anali atachapa kunyumba imeneyo. Akanati I have worked for her for four years bwenzi zitamveka kuti akadali komweko. Ntchito anaipeza ndithu, koma mpaka anachita kuimbirana mafoni mabwana awiriwo.

aPhiri (Kepi): Chitsanzo chabwino achemwali, ndipo chikuonetsa chinthu chimene aphunzitsi sanachilembe. Ndi for, ziganizo zonse ziwiri ndi zolondola, kungoti tanthauzo limasiyana: worked for four years wasiya, have worked for four years ukadalipo. Ndi since pa funso 7 mwayi umenewo palibe. I worked here since 2019 woyesa mayeso aikhwatcha, chifukwa worked ikutseka nkhani pamene since ikuisiya yotsegula mpaka lero. N'chifukwa chake wolemba funsolo anaikapo since, kuti yankho likhale limodzi. Akanaika for six years, B ndi C zikanakangana.

Zimba (Durban): Ine pa CV yanga ndinalemba since five years, palibe anadandaula.

aPhiri (Kepi): Anamva chimene mumatanthauza, koma kakonzeni. Since imatsatana ndi poyambira: since 2019, since Monday, since January. For imatsatana ndi kutalika kwa nthawi: for five years, for two weeks. Ndipo lamulo lanu la -a- lija lili ndi msampha wina. Ife timatha kunena kuti ndafika m'mawa uno cha m'ma 6. Mukatembenuza liwu ndi liwu mutulutsa I have arrived at six, zomwe n'zolakwika. Mukatchula nthawi yeniyeni imene inadutsa, monga at six, yesterday, last year kapena in 2019, have amachoka: I arrived at six. Onani kuti in 2019 ndi since 2019 chaka n'chimodzi koma mayankho ndi osiyana. I started in 2019. I have worked here since 2019.

Mwale (Chamama, Kasungu): Apa ndiye ndayamba kuona. Koma mnzanga wa m'kalasi akuti yolondola kwenikweni ndi have been working, ndipo C ndi yongoyandikira.

aPhiri (Kepi): I have been working here since 2019 ndi yolondolanso, koma panalibe pa mayankho anayi aja. Ndi aneni monga work ndi live, ziwirizi zimanena pafupifupi chimodzimodzi. C si yongoyandikira, ndi yokhoza. Chenjera ndi know: I have known him since 2019, osati have been knowing.

Nachisale (Randburg): Koma aPhiri, kuno abwana anga amandifunsa Did you eat already? tsiku ndi tsiku, ndipo Chingerezi ndi chawo chobadwa nacho. Buku likanati Have you eaten. Ndiye tizimvera ndani?

aPhiri (Kepi): Polankhula anthu ambiri amatero, a ku Amereka ndiye kwambiri, makamaka ndi already, yet ndi just. Ine pamayeso ndingalembe Have you eaten. Koma am working since 2019 sindingamulangize munthu kuilemba paliponse.

Zimba (Durban): Kuno ku Durban ndimaimva I am working here since m'mashopu daily, amwenye ndi ena omwe. Ine ndimaona ngati zimadalira amene akukumvera.

Bambo a Tadala (Pitoliya): Tsono wapolisi akandiimitsa n'kufunsa How long have you been here? akufuna kudziwa kuti ndikhala mpaka liti?

aPhiri (Kepi): Ayi bambo, limenelo likufunsa kuyambira tsiku limene munalowa kufika lero, monga funso la Mwale. Lofunsa za kutsogolo ndi How long are you staying? Mlamu wanu mumuuze asanakwere basi, chifukwa akasokoneza awiriwa yankho lake silidzagwirizana ndi chidindo cha m'pasipoti.

Mwale (Chamama, Kasungu): Funso 8 linali She ______ to Lilongwe last week. Ndinaika went, aphunzitsi sanatumizebe zotsatira za limeneli.

Nachisale (Randburg): Last week inadutsa. Went yomweyo.